Momwe mungakonzere mawu ofotokozera mudzi za ndalama za chitukuko

Misonkhano yambiri ya ndalama za chitukuko imasokonekera pa chiganizo chimodzi. Wolankhula amaimirira n'kunena kuti, "Dera lathu lalandira 12 miliyoni," anthu n'kuomba m'manja. Pakatha miyezi inayi mjigo sunakumbidwe, ndipo mudzi wonse wayamba kunong'onezana kuti komiti yadya. Chonsecho mwina palibe amene waba. Ndalama zina sizinafike, zina zili kubanki kudikira ntchito imene ili mkati, koma palibe amene anauza anthu zimenezi.

Malangizo awa ndi a inu amene mwapatsidwa udindo woimirira pabwalo: wapampando, mlembi kapena msungichuma wa komiti ya chitukuko. Cholinga n'chakuti munthu amene sadziwa kuwerenga, pobwerera kunyumba, athe kuuza mnzake kuti ndalama zabwera zingati, zapita kuti, ndipo iye angayang'ane chiyani kuti atsimikize. Manambala onse a m'chitsanzo chathu ndi ongoyerekeza. Inu mudzaikapo anu.

## Zimene muyenera kukhala nazo musanalembe

- Kalata kapena chikalata chonena ndalama zimene dera lanu lapatsidwa chaka chino
- Malamulo oyendetsera thumba limene mukufotokozalo
- Sitetimenti ya kubanki, kapena lipoti la ofesi imene imasunga ndalamazo
- Maminitsi a msonkhano umene unasankha ntchito
- Pangano la kontirakitala ndi mndandanda wa zipangizo
- Malisiti, buku la katundu, ndi mndandanda wa anthu amene analipidwa
- Pepala lalikulu kapena bolodi, ndi cholembera chooneka patali
- Miyala yofanana kukula, umodzi kuimira 1 miliyoni

Ngati pepala lina akukumanani, lipempheni polemba kalata, musunge kope lake, ndipo mulembe tsiku limene munapempha. Pabwalo mudzanena kuti munapempha liti ndipo simunalandire. Musalowetse nambala ya m'mutu pamalo pa pepala losowalo.

## 1. Sankhani thumba limodzi, ndipo dziwani amene amaligwira

M'dera limodzi mumatha kukhala ndalama zochokera ku boma kudzera kukhonsolo, zina za bungwe lothandiza, zina zosonkha anthu eni ake. Thumba lililonse lili ndi malamulo ake ndi osainira ake. Mukazisakaniza, funso la thumba lina lidzagwera pa inu. Fotokozani thumba limodzi pa msonkhano umodzi, ndipo mulitchule dzina lake lenileni koyambirira.

Kenako dzifunseni kuti ndalamazi zimagona kuti. M'mathumba ena komiti ya m'mudzi imakhala ndi akaunti yakeyake ndipo imalipira yokha. M'mathumba ena komiti sigwira ndalama n'komwe: imangosankha ntchito ndi kuyang'anira, koma wolipira kontirakitala ndi khonsolo. Chimenechi muchinene poyera. Anthu ambiri amaganiza kuti ndalama zimabwera m'chikwama kunyumba kwa msungichuma, ndipo maganizo amenewa ndi amene amabala miseche.

Chenjezo: musatchule lamulo limene simunaliwerenge nokha. Zimene zinkachitika chaka chatha zikhoza kukhala kuti zinasintha.

## 2. Pezani manambala anayi

Apa m'pamene pagona ntchito yonse. Musafulumirepo. Pa ndalama zilizonse za chitukuko pali manambala anayi osiyana, ndipo wolankhula amene amatchula imodzi yokha amadzitchera yekha msampha.

Yoyamba ndi ndalama zimene analonjeza, zolembedwa mu bajeti. Yachiwiri ndi zimene zafika kale. Yachitatu ndi zimene zagwira ntchito. Yachinayi ndi zimene zatsala mu akaunti. Ndalama za boma nthawi zambiri zimabwera m'zigawo, osati nthawi imodzi, n'chifukwa chake nambala yoyamba ndi yachiwiri sizimafanana chaka chili mkati.

Tiyerekeze kuti dera la midzi isanu lalonjezedwa 12,000,000. Malamulo a thumbalo alola 600,000 kuti ikhale yoyendera ndi kuyang'anira ntchito. Zotsala 11,400,000 zagawidwa pawiri: 7,000,000 ya chipinda chophunziriramo, ndi 4,400,000 ya mjigo. Pofika lero zafika 9,000,000, ndipo 3,000,000 sizinafike. Pachipinda palipidwa 5,200,000, pa maulendo oyang'anira 400,000, pamjigo palibe chilichonse. Zonse zimene zagwira ntchito ndi 5,600,000, choncho kubanki kuyenera kukhala 3,400,000.

Tsopano yesani masamu anu pawiri. Zagwira ntchito kuphatikiza zotsala zifanane ndi zimene zafika: 5,600,000 ndi 3,400,000 zikupereka 9,000,000. Zafika kuphatikiza zosafika zifanane ndi zolonjezedwa: 9,000,000 ndi 3,000,000 zikupereka 12,000,000. Kenako onani ngati sitetimenti ya kubanki ikuonetsadi 3,400,000. Ikasiyana pang'ono, fufuzani kaye ndalama zimene banki imadula posunga akaunti, komanso cheke chimene mwalemba koma mwini wake sanakatape. Zinthu ziwirizi ndi zimene zimasokoneza masamu kawirikawiri. Mukafufuza n'kupeza kuti sizikugwirizanabe, musapite pabwalo musanakhale pansi ndi msungichuma.

Pali funso limodzi limene munthu wanzeru adzafunsa ndithu: ngati kubanki kuli 3,400,000, bwanji mjigo simunayambe? Konzekerani yankho. Pa ndalama zili kubankizo, 1,800,000 ndi ya kontirakitala wa chipinda, yoti adzalipidwe akamaliza, ndipo 200,000 ndi ya maulendo otsala. Zenizeni za mjigo ndi 1,400,000 yokha. Ikadzafika 3,000,000 ija m'pamene zidzakwane 4,400,000. Ndalama zokhala kubanki si zonse zimene zili zopanda mwini, ndipo anthu sangadziwe zimenezi mukapanda kuwauza.

## 3. Nenani muyeso musanatchule amene wapindula

Midzi ndi isanu, ntchito ndi ziwiri. Midzi itatu ibwerera chimanjamanja, ndipo anthu ake akhala pomwepo akukumvetserani. Mukayamba ndi kutchula midzi imene yapindula, anthu a midzi itatu inayo sadzamvanso china chilichonse. Yambani ndi muyeso umene unagwiritsidwa ntchito, anthu auvomereze m'mitima mwawo, kenako muonetse kumene muyesowo unagwera.

Tsegulani maminitsi muone zimene komiti inayang'ana. Kawirikawiri zimakhala ngati izi: anthu angati adzapindule, mtunda wautali bwanji umene akuyenda panopa, ndi mudzi uti unalandira ulendo wapita. Ngati maminitsi sakunena muyeso uliwonse, musapeke wanu tsopano kuti nkhani ikome. Nenani mmene chisankho chinayendera, ndipo pemphani msonkhano kuti ugwirizane muyeso wa ulendo wotsatira.

Muyankhenso maganizo amene amabwera nthawi zonse, akuti bwanji osangogawa mofanana. Ayankheni ndi masamu. Mukagawa 11,400,000 pa midzi isanu, uliwonse upeza 2,280,000. Imeneyi ndi pafupifupi theka chabe la mtengo wa mjigo umodzi. Mudzi uliwonse ungakhale ndi maziko opanda khoma kapena dzenje lopanda pampu. Ine ndimaona kuti ili ndi gawo limene wolankhula ayenera kulinena mofatsa kuposa ena onse, chifukwa amene akufunsayo sakulakwa. Akufuna chilungamo, ndipo ayenera kumva tsiku limene mudzi wake udzaganiziridwe. Tchulani ntchito zimene zinatsala pa mndandanda, motsatana monga zinalembedwera, koma musalonjeze kuti zidzachitika chaka chamawa ngati si inu amene mumavomereza bajeti.

## 4. Sandutsani kulondoloza kukhala zinthu zowerengeka

Mawu akuti "tonse tikhale maso" sapatsa munthu chochita. Mpatseni chinthu choti awerenge ndi dzina la munthu woti akamuuze.

Pachipinda chophunziriramo, chosavuta kuwerenga ndi simenti. Mndandanda wa zipangizo umanena matumba angati. Tinene kuti anagula matumba 150. Tsiku limene galimoto ikutsitsa, anthu awiri a komiti ndi mmodzi amene sali mu komiti awerenge, kenako asaine pepala lobwera ndi katunduyo. Thumba lililonse lotuluka mosungiramo lilembedwe m'buku la katundu, ndipo matumba opanda kanthu asatayidwe. Ngati buku likuti atuluka 110, matumba opanda kanthu akhale 110, ndipo mosungiramo mukhale 40. Mukapeza abwino 38 chifukwa awiri ananyowa n'kuuma, nenani choncho pabwalo ndipo matumba oumawo muwaonetse. Matumba awiri obisidwa amakula m'kamwa mwa anthu mpaka kukhala makumi awiri.

Palinso zina zimene aliyense angaone popanda sukulu ya zomangamanga. Konkire ikathiridwa imafuna kunyowetsedwa masiku osachepera 7, apo ayi imang'aluka. Pamjigo, funsani okumba kutalika kwa paipi imodzi, muwerenge mapaipi amene alowa pansi, muone ngati kuya kwake kukufanana ndi kumene kwalembedwa pa pepala lolipitsira. Pasalipidwe ndalama zomaliza madzi asanapopedwe nthawi yaitali anthu akuona.

Fotokozaninso mmene malipiro amatulukira. Kontirakitala salandira zonse poyamba. Amalipidwa m'zigawo, katswiri wa zomangamanga akayendera n'kusaina kuti gawolo latha bwino. Mapangano ambiri amasungako 5 kapena 10 pa 100 iliyonse kwa miyezi ingapo ntchito itatha, kuti khoma likang'aluka akonze asanalandire yotsalayo. Onani chimene pangano lanu likunena, muwauze anthu. Tchulani maudindo a anthu osainira ndalama, ndipo nenani kuti munthu mmodzi sangatape yekha.

Ngati panali anthu a ganyu, werengani mokweza mndandanda wa olipidwa: dzina, masiku, ndalama. Njira imeneyi inadziwika kwambiri ku Rajasthan m'dziko la India kuyambira mu 1994, pamene anthu a m'midzi anayamba kuwerenga mabuku a malipiro pagulu n'kupezamo maina a anthu amene anamwalira kale ndi ena amene sanagwirepo ntchitoyo. Wofufuza mabuku wochokera kutali sangadziwe kuti dzina ili ndi la malemu. Mudzi umadziwa.

## 5. Lembani mawu anu motsata ulendo wa ndalama

Ndondomeko yake ikhale ya ulendo umodzi: kumene ndalama zachokera, mmene zagawidwira, pamene zafika lero, ndi mmene tiziyang'anire. Malonje akhale aulemu koma aafupi. Mawu onse asapitirire mphindi 15, chifukwa nthawi yaikulu ndi ya mafunso.

Poyamba mukhoza kunena motere:

"Zikomo a mfumu pondipatsa bwalo. Akuluakulu, amayi ndi abambo, achinyamata nonse, ndaima pano m'malo mwa komiti yanu ya chitukuko. Ndalama zimene ndifotokoze si za komiti, ndi zanu. Ndinena zinthu zinayi: zimene anatilonjeza, zimene zafika, zimene tagwiritsa ntchito, ndi zimene zatsala. Mapepala onse ali patebulo apa, ndipo aliyense ali ndi ufulu wowaona."

Pofika pa manambala, gwiritsani ntchito miyala ija:

"Taonani miyala iyi. Ilipo 12, ndipo mwala uliwonse ndi 1 miliyoni. Izi ndi zimene anatilonjeza. Itatu iyi ndikuiika pambali, chifukwa sinafike. Tatsala ndi 9. Pa imeneyi, isanu ndi theka, kuwonjezapo pang'ono, yalowa m'ntchito, makamaka pachipinda cha ana athu chimene mukuchiona chafika pa denga. Yotsalayi ili kubanki. Koma musati yonseyi ndi ya mjigo. Pafupifupi iwiri ikudikira mmisiri wa chipinda kuti amalize. Ya mjigo ndi mwala umodzi ndi kachidutswa. Ikafika itatu ija, tiitana okumba."

Onani kuti pakamwa mwazungulitsa manambala kuti amveke, koma papepala lalikulu lija mwalemba enieni mpaka kumapeto: 5,600,000, 3,400,000 ndi ena onse. Makutu amagwira miyala, ndipo amene akufuna kuwerengera adzapita pa pepala. Musatchule manambala oposa awiri m'chiganizo chimodzi. Mukatchula, pumani, anthu aone miyala.

Kwa midzi imene sinapindule, lankhulani nayo mwachindunji:

"Abale athu a midzi itatu imene simunalandire ulendo uno, sitinakuiwaleni. Pempho lanu la mlatho lili pa nambala 3 pa mndandanda, ndipo la sikelo ya ana lili pa nambala 4. Sindingakulonjezeni tsiku, chifukwa wovomereza bajeti si ine. Chimene ndikulonjeza n'chakuti mndandandawu sudzasinthidwa kumbali. Ukafuna kusintha, tidzausinthira pano."

Potseka, nenani zochita zenizeni: tsiku lowerenga simenti, anthu atatu amene msonkhano usankhe kuti aziyendera ntchito, malo amene pepala la manambala likamatidwe, ndi tsiku la msonkhano wotsatira.

## 6. Yesezani pamaso pa munthu wosadziwa nkhaniyi

Pezani munthu amene sali mu komiti, makamaka wachikulire amene sawerenga. Lankhulani mawu anu onse mokweza mukuyang'ana nthawi. Mukamaliza, mufunseni kuti akuuzeni chifukwa chimene mjigo sunayambike. Akalephera, vuto si iye. Bwererani pa gawo limenelo mulifewetse.

## 7. Konzekerani mafunso owawa, ndipo pepala lisachoke pakhoma

Funso lakuti "kodi inu a komiti mwapindulapo chiyani?" lidzabwera. Musakwiye nalo. Werengani mmene 400,000 ya maulendo inayendera: maulendo angati, anapita ndani, analandira zingati. Ndalama zazing'ono zimenezi ndi zimene zimakayikitsa anthu kuposa mamiliyoni a kontirakitala, chifukwa zimalowa m'matumba a anthu amene amawadziwa. Ngati mmisiri kapena wogulitsa zipangizo ndi mbale wa munthu wa mu komiti, nenani nokha anthu asanafunse, ndipo fotokozani ngati munthuyo anatuluka pamene ankasankha.

Funso limene mulibe yankho lake, mlembi alilembe, ndipo munene tsiku limene mudzabwere ndi yankho. Wina akatchula munthu kuti waba, musaweruze pabwalo. Pemphani kuti dandaulo lilembedwe ndi umboni wake. Uzani anthu njira ziwiri zodandaulira: ina kudzera mu komiti, ina yodutsa komiti, monga ofesi ya khonsolo kapena bungwe la boma lofufuza za katangale. Njira yachiwiriyi muitchule ndi pakamwa panu. Munthu sangakadandaule za msungichuma kwa msungichuma yemweyo.

Msonkhano ukatha, pepala lalikulu lija limatidwe pamalo amene anthu amadutsa, losainidwa ndi kulembedwa tsiku. Kumata pepala kumaoneka ngati kanthu kakang'ono, koma ku Uganda kafukufuku wa mu 1996 anapeza kuti pakati pa 1991 ndi 1995, pa ndalama 100 zilizonse zimene boma linkatumiza zoyendetsera sukulu za pulayimale, pafupifupi 13 zokha ndi zimene zinkafika kusukulu. Boma litayamba kulengeza m'nyuzipepala ndalama zimene latumiza, sukulu nazo n'kumamata zimene zalandira, pofika mu 2001 zinkafika pafupifupi 80.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kunena kuti "talandira" pamene mwangolonjezedwa. Mawu amodzi amenewa ndi amene amawononga mbiri ya makomiti ambiri. Nenani "tinalonjezedwa" pa za mu bajeti, ndipo "zafika" pa zimene zaoneka mu akaunti basi.

Kuthokoza munthu ngati ndalama zachoka m'thumba mwake. Ndalama za boma zimachokera ku misonkho ya anthu omwe akhala pansiwo. Mukaziika ngati mphatso ya mtsogoleri wina, anthu amachita manyazi kufunsa, poti mphatso saiwerenga. Komanso a chipani china amaleka kumvetsera. Lemekezani atsogoleri pa malonje, koma ndalama muzitchule mwini wake.

Kuiwala zimene mudzi unasonkha. Ngati anthu anatuta mchenga, kuumba njerwa kapena kutunga madzi, zitchuleni ndi kuchuluka kwake. Kenako onani pa mndandanda wa zipangizo ngati kontirakitala sanalipitsenso mchenga womwewo. Apa ndalama zimatayika mwakachetechete, chifukwa malisiti ake amaoneka abwinobwino.

Kukhulupirira lisiti lokha. Lisiti limangonena kuti ndalama zinatuluka. Silinena kuti katundu anafika. Nthawi zonse liyendere limodzi ndi pepala lolandirira katundu komanso chinthu chimene maso angaone.

Kusankha oyendera ntchito mwa anthu a komiti omwewo. Wosainira ndalama asakhalenso woyendera. Msonkhano usankhe anthu ena, pakhale amayi, ndipo pakhale mmodzi wochokera m'mudzi umene sunapindule.

Kuitanitsa msonkhano pa nthawi imene ambiri sangabwere. Mukaika pa ola limene amayi kapena anthu a kumunda ali kuntchito, mudzafotokozera anthu khumi, ndipo ena onse adzamva nkhaniyi itapotozedwa. Lengezani tsiku kudakali sabata, ndipo munene kuti mutu wake ndi ndalama.

Kubisa nkhani yoipa mpaka kumapeto. Ngati ntchito yachedwa kapena zipangizo zakwera mtengo moti 7,000,000 ija siikwana, nenani pamene mukufotokoza manambala, ndipo munene kuti pakusowa zingati. Musadikire kuti wina afunse. Ngati komiti ikuganiza zotengako ndalama za mjigo kuti imalize chipinda, imeneyo ndi nkhani yoti msonkhano ukambirane, ndipo ofesi yoyang'anira thumbalo ivomereze polemba ndalama isanasunthe.